Kuyamikira ndi Kulandira Chiyamikiro: Phunziro Lochokera ku Utale

Misa ikatha, pabwalo la tchalitchi pamamveka mawu ambiri okoma, ndipo ambiri mwa iwo amathera pomwepo osalandiridwa. Mayi akauzidwa kuti "mwatchena lero," yankho limabwera msangamsanga: "Aa, ndi kaunjika uyu." Mnyamata wa kwaya akauzidwa kuti waimba bwino salimo, amati, "Ayi, mawu anali atatsekeka ndi chimfine." Amene anaphikira alendo a mphakati amati, "Ndangophikaphika, mchere womwe unachepa." Onsewa amayankha chonchi poganiza kuti ndiye ulemu. Koma woyamikira uja amatsala ataima ngati munthu amene wapereka mbale ya ndiwo ndi manja awiri, mwini nyumba n'kuibweza. Sadziwa ngati aumirire, aseke, kapena asinthe nkhani, ndipo ulendo wina amangokhala chete.

Vutoli lili ndi chifukwa chake, ndipo si la ku Malawi kokha. M'chaka cha 1978, katswiri wina wa kayankhulidwe ka anthu ku America, Anita Pomerantz, anafotokoza kuti munthu woyamikiridwa amakokedwa ndi malamulo awiri a ulemu nthawi imodzi. Lamulo loyamba limati usatsutse mnzako amene wakuyankhula mokoma. Lachiwiri limati usadzitame. Akavomera kuti watchenadi, akuoneka ngati wodzikweza. Akakana, watsutsa mnzake. Mayankho onga "ndi kaunjika" ndi njira yozembera pakati pa malamulo awiriwa. Choncho amene amakana chiyamikiro si wamwano ayi. Wangopezeka pamphambano, n'kusankha njira imene anaizolowera kuyambira ali mwana.

Kumudzi malamulowa amakhala atatu kapena anayi, ndipo kuti munthu awaone bwino ndi bwino kupita kumalo amodzi enieni.

Zimene zimamveka ku Utale

Utale ali m'boma la Balaka, limene mpaka 1998 linali mbali ya boma la Machinga. Ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni kumeneko mu 1908, patapita zaka 7 chifikire ku Nzama mu 1901, ndipo lero derali lili mu Dayosizi ya Mangochi. Ndi dera lotentha, la mvula yovuta, kumene anthu amalima chimanga, thonje ndi nandolo, ndipo chaka chimodzi chabwino chikhoza kutsatidwa ndi zaka ziwiri za ng'amba. M'dera lotere, chimanga cha m'nyumba si nkhani yocheza nayo mopepuka. Aliyense amadziwa kuti pofika Januwale ndi Febuluwale kudzabwera achibale ndi anansi atanyamula timabeseni, ndipo amene anamveka kuti anakolola ndiye adzayambe kugogoderedwa.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza, koma chimene ambiri okhala m'tauni adzachizindikira. Mayi wina wa m'tauni wapita ndi mwamuna wake kukaona apongozi ake ku Utale m'mwezi wa Juni, anthu atamaliza kukolola. Afika pa galimoto. Pakhonde pali anansi atatu amene abwera kudzalonjera alendo. Chitseko chili chotsekula, ndipo m'kati mukuoneka matumba a makilogalamu 50 atasanjikizidwa mpaka pafupi ndi denga. Mayiyo, ndi mtima woyera ndithu, akuti: "Eee amayi, chimanga chonsechi! Ndi matumba angati amenewa? Chaka chino ndiye mwalemera."

Apongozi akuyankha osamwetulira: "Chimanga chake chiti, mwana wanga? Mwangoona ndi maso. Sichifika ndi Disembala chimenechi, anankafumbwe ayamba kale." Akatero akudzuka n'kukatseka chitseko. Mpongozi uja akuona ngati wanyozedwa, ndipo pobwerera akuuza mwamuna wake kuti amayi ake sayamikirika.

Mawu a mayiyu anali ndi zinthu zinayi zimene zinachititsa kuti asalandirike. Choyamba ndi funso la chiwerengero. Kufunsa matumba ndi kuwerengera munthu chuma chake, ndipo kumudzi amene amawerenga za mnzake amaganiziridwa kuti akuwerengera gawo lake. Chachiwiri ndi liwu lakuti "mwalemera," limene limamukweza mayi wokalambayo pamwamba pa anansi ake amene mwina anakolola matumba awiri okha. Chachitatu ndi makutu amene analipo: mawuwo ananenedwa pamaso pa anthu amene adzabwere kudzapempha, ndipo ena mwa iwo akhoza kuchita nsanje. Kaya munthu amakhulupirira za ufiti kapena ayi, ayenera kudziwa kuti m'midzi yambiri wokolola kwambiri pakati pa osakolola amayamba kunenedwa kuti ali ndi mankhwala okokera za anzake, ndipo mbiri yotereyi imaononga ubale. Chachinayi n'chakuti woyankhulayo wabwera pa galimoto yomwe ibwerere m'tauni yopanda katundu. Apongoziwo anamva ngati akuuzidwa kuti akonze thumba limodzi kapena awiri.

Motero apongozi sanakane chiyamikiro chifukwa chosadziwa kuthokoza. Anadziteteza, ndipo malinga ndi mmene zinthu zinalili, anayankha mwanzeru. Kuvomera pamenepo kukanakhala kulengeza pagulu zimene zili m'nkhokwe.

Mayi yemweyo akanatha kunena chinthu chimodzimodzi mwa njira ina. Madzulo, anansi atapita, iye ndi apongozi ake akhala pamphasa akutong'ola chimanga chotsala. Akutenga chisononkho chimodzi n'kunena motsitsa mawu: "Amayi, chimangachi maso ake ndi akuluakulu, chadzaza mpaka kunsonga. Ndi mvula yodukizadukiza ija, zikuoneka kuti munapalira pa nthawi yake." Apa palibe chiwerengero, palibe kuyerekeza ndi wina, palibe omvera. Chimene chayamikiridwa ndi ntchito ya manja, yomwe munthu sangaipemphe kapena kuibera. Kawirikawiri yankho limakhala lotere: "Zikomo mwana wanga. Tinadzala ndi mvula yoyamba, ndipo manyowa tinathira kale mu Okutobala. Kubandira ndiye kunandipweteka msana." Nkhani yayamba. Mayi wokalambayo wapeza mpata wofotokoza luso lake, zimene mlimi aliyense amakonda, popanda kuulula kuti ali ndi zingati. Ndipo ngati afuna kupereka thumba, adzapereka mwa kufuna kwake, osati chifukwa chopanikizidwa pagulu.

Phunziro loyamba lili pamenepa, ndipo limakhudza woyamikira kuposa woyamikiridwa. Nthawi zambiri chiyamikiro chikakanidwa, vuto limakhala kuti chinaperekedwa m'njira yoti sichikanalandirika. Kuyamikira katundu kumadzutsa mantha. Kuyamikira ntchito, luso kapena khalidwe kumatsegula pakamwa. Lamuloli limagwiranso ntchito m'tauni. Kuuza mnzako pamaso pa anthu kuti "nyumba imeneyi yadya mamiliyoni angati?" n'kosiyana kwambiri ndi kumuuza kuti "mawindo munawaika pabwino, m'nyumba muno mukulowa mphepo."

"Mwanenepa"

Tsiku lomwelo zinthu zikhoza kutembenuka. Apongozi akumuyang'ana mpongozi wawo n'kunena mosangalala: "Koma mwanenepa! Akukusungani bwino kutauniko." Mayiyo, amene kuchipatala anauzidwa kuti achepetse thupi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, akumva ngati wabayidwa. Akuyankha kuti, "Ayi amayi, musatero, ine ndikulimbana nalo thupili."

Mawu a apongoziwo anali ndi matanthauzo angapo okoma. Ananena kuti mpongozi wawo ali ndi thanzi, kuti m'banjamo muli mtendere, ndiponso, mobisa pang'ono, kuti mwana wawo wamwamuna akusamala banja monga analeredwera. M'badwo umene unaona njala ya 2002, ndiponso zaka zija kusanabwere mankhwala aulere otalikitsa moyo mu 2004, pamene kuwonda kunali chizindikiro choopsa m'mudzi, sungaone kunenepa ngati chinthu chodandaulitsa. Pokana mawuwo, mpongozi wakana zonse zitatu, kuphatikizapo chiyamikiro chimene mayi amapereka kwa mwana wake.

Yankho loyenera ndi lalifupi: "Zikomo amayi, tili bwino ndithu." Palibe bodza m'mawu amenewa. Sanavomere kuti thupi lake lamukondweretsa. Wayankha cholinga cha mawuwo, osati liwu lenilenilo. Nkhani ya kuchipatala ikhoza kubwera nthawi ina, monga nkhani payokha, mwina pokambirana za mchere ndi mafuta a m'ndiwo.

Komabe amene amakhala m'tauni asatengere liwuli ku ofesi kapena ku msonkhano wa amayi. Kumeneko tanthauzo lake linasintha, ndipo ambiri, makamaka achinyamata, amalimva ngati chitonzo. "Mukuoneka bwino" amanena zomwezo popanda kugunda pabala. Mawu onse okhudza thupi la munthu ali ndi vuto limeneli: woyankhula sadziwa chimene chachititsa kusinthako. Amene wachepa thupi mwina wadwala, ndipo amene wanenepa mwina ndi mankhwala amene akumwa.

Mmene munthu angalandirire

Chikhalidwe cha kuno chimadziwa kale kulandira chiyamikiro. Wovina akafupidwa pabwalo, sabweza ndalamayo n'kunena kuti wavina molakwika. Amalandira, mwina kuwerama pang'ono, n'kupitiriza gule. Amayi akaimba nthungululu mwana akakhoza mayeso, palibe amene amawaletsa kuti achepetse. Munthu akadya n'kuthokoza potchula mfunda wa wophika, kuti "zikomo Nabanda" kapena "zikomo aPhiri," wophikayo amangoti "zikomo," nkhani n'kutha bwinobwino. Zimavuta pokhapokha chiyamikiro chikabwera m'mawu olunjika, maso ndi maso, chifukwa pamenepo palibe mwambo wokhazikika womuuza munthu chochita.

Liwu lakuti "zikomo" limathetsa mphambano ija ya Pomerantz mosavuta kuposa mmene ambiri amaganizira. Kunena "zikomo" sikutanthauza kuti "inde, ndine katswiri." Kumatanthauza kuti "ndalandira kukoma mtima kwanu." Munthu wathokoza mphatso, sanaweruze luso lake. N'chifukwa chake palibe kudzitama m'menemo. Chovuta kwenikweni ndi kamphindi kotsatira, pamene pakamwa pamayabwa kufuna kuwonjezera kenakake kochepetsa. Amene akuphunzira ayesere kungonena "zikomo" n'kupuma mpweya umodzi asanapitirize. Kamphindi kameneko kamaoneka kotalika kwa iye yekha. Kwa woyamikira n'kachibadwa.

Akafuna kuwonjezera, awonjezere chinthu chimodzi choona chimene sichikutsutsa zomwe zanenedwa. Akhoza kufotokoza pang'ono: "Zikomo, nsaluyi ndinaipeza ku Balaka, anasoka ndi telala wa pafupi ndi kwathu." Akhoza kutchula amene anathandizadi: "Zikomo, tinaphunzira Lachitatu ndi Loweruka, ndipo woimba limba anatithandiza kwambiri." Akhoza kunena mmene mawuwo amukhudzira: "Zikomo, ndinali ndi mantha poyamba, ndiye mwandilimbitsa mtima." Mayankho atatu onsewa ndi odzichepetsa, koma palibe limene lamusiya woyamikira ali wabodza.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati yankho lasanduka kukana. Ngati likuyamba ndi "ayi," kapena muli "koma" kapena "chabe," ndiye kuti chiyamikiro chija chikubwezedwa. "Zikomo, anasoka ndi telala wa kwathu" ndi kulandira. "Ayi, ndi telala wa pakhonde chabe" ndi kukana, ndipo kwanyozetsanso telala amene sanalakwe kanthu. Yankho la "ndi kaunjika" lili ndi vuto lomwelo. Ngati woyamikirayo nayenso wavala kaunjika, monga amachitira anthu ambiri m'dziko muno, wauzidwa mosadziwa kuti chovala chake n'chosayenera kuyamikiridwa.

Chizolowezi china chofala ndi kubweza pompopompo: "Mwatchena." "Aa, inunso mwatchena." Izi zimafanana ndi kupereka chenji pa golosale. Woyamba uja amadziwa kuti mnzakeyo sanamuyang'ane n'komwe, wangothawa. Ngati munthu waonadi chokoma mwa mnzake, achisunge pang'ono n'kudzachinena nkhani ikasintha kapena tsiku lina. Kuno kuli kale chizolowezi chabwino chokumana ndi munthu m'mawa mwake n'kumuuza kuti "tathokoza za dzulo zija." Chiyamikiro chogonera chimalemera kuposa chobwezera pomwepo, chifukwa chimasonyeza kuti munthu anapita nacho kunyumba n'kuchiganizira.

Pakati pa akhristu yankho lofala kwambiri ndi lakuti "ndi Mulungu" kapena "ndi chisomo." Mawuwa ndi oona, ndipo palibe angawatsutse. Koma akhoza kugwira ntchito ziwiri zosiyana. Akabwera pambuyo pa "zikomo," munthu walandira chiyamikiro n'kuchipereka kumene chinachokera. Akabwera m'malo mwa "zikomo," makamaka ndi nkhope yotembenukira kumbali, amakhala chitseko chotsekera nkhani, ndipo nthawi zina amamveka ngati kudzudzula woyamikirayo kuti waiwala Mulungu. Mu mutu woyamba wa Mthenga Wabwino wa Luka, Elizabeti anayamikira Maria ndi mawu aakulu kwambiri. Maria sanamutsutse kapena kunena kuti msuweni wakeyo akukokomeza. Anavomera kuti zazikulu zamuchitikiradi, natchula amene anazichita. Kudzichepetsa kwa mtundu umenewu sikufuna kuti munthu aname za mphatso imene ali nayo. Woimba amene waimba bwino akanena kuti waimba moipa, wanena bodza, ngakhale bodzalo lavala malaya a kudzichepetsa.

Chiyamikiro chokhala ndi mchira

Utale amadziwika m'dziko muno chifukwa cha chipatala cha odwala khate chimene amishoni anayendetsa kumeneko kwa zaka zambiri. Khate limachizika ndi mankhwala, ndipo wochira sapatsira wina aliyense, koma zilema zimene linasiya m'zala kapena m'mapazi sizichoka. Mbiri imeneyi imathandiza kuona mtundu wina wa chiyamikiro umene umapweteka kuposa kukhala chete. Munthu wochira khate akaluka mphasa yokongola, mlendo akhoza kunena kuti, "Mwaluka bwino ngakhale manja anu ali choncho." Mlendoyo akuganiza kuti wawonjezera ulemu posonyeza kuti ntchitoyo inali yovuta. Koma wolukayo wamva kuti mlendo anayamba waona zala, kenako mphasa. Mawu oyenera ndi amene akananenedwa kwa woluka wina aliyense: "Mphasayi ndi yothina bwino, m'mphepete mwake simudzamasuka msanga."

Michira yotere ilipo yambiri, ndipo yambiri ndi liwu limodzi lokha. "Lero ndiye mwaphika" akutanthauza kuti masiku ena onse sizinali bwino. "Mwawerenga bwino, sindimayembekezera" akuulula zimene munthu ankaganiza kale. "Mumayendetsa bwino galimoto ngati mwamuna" ayamikira mayi mmodzi ponyoza amayi onse. Palinso chiyamikiro choyerekeza, monga kuuza mpongozi mmodzi kuti amaphika bwino kuposa mnzake, kapena kuuza bambo mfumu atsopano kuti amalalika bwino kuposa amene anachoka. Woyamikiridwa motere sangathe kunena "zikomo" ndi mtima wonse, popeza kutero n'kuvomereza kunyozedwa kwa munthu wina. Apa kuzemba n'koyenera. Akhoza kunena kuti "zikomo pondilimbikitsa" n'kusiya mbali yoyerekezayo osaikhudza, kapena kunenapo chabwino chimodzi cha mnzake uja.

Choncho musanatuluke mawu, ndi bwino kuti woyamikira aone ngati chiganizo chake chili ndi "ngakhale," "lero," kapena "kuposa." Akachotsa liwu limenelo n'kupeza kuti chiyamikiro chikuimabe pachokha, ndiye kuti liwulo linali losafunika.

Kusyasyalika ndi kupempha

Si mawu onse okoma amene ali chiyamikiro. Kusyasyalika kumazindikirika ndi zinthu ziwiri. Choyamba, sikutchula chinthu chenicheni. Wosyasyalika amati "ndinu munthu wabwino zedi, palibe wofanana nanu," koma akafunsidwa chimene waona sangatchule. Chachiwiri, pempho silichedwa: pasanathe mphindi zochepa pamabwera nkhani ya ngongole, ya ntchito ya mwana, kapena ya thandizo la maliro a kutali. Anthu amene anazolowera kuyamikiridwa motere, monga a maudindo ndi amalonda, amafika poopa chiyamikiro chilichonse, ndipo amayamba kukana ndi choona chomwe.

Amene ali ndi pempho achite bwino kulekanitsa ziwirizi. Apemphe mwachindunji lero, adzayamikire tsiku lina lopanda pempho. Amene walandira mawu okoma otsatidwa ndi pempho akhozanso kuzilekanitsa poyankha: athokoze mawuwo, ndipo pempholo aliyankhe palokha, inde kapena ayi, monga akanayankhira likanabwera lokha. "Zikomo" si lonjezo la ngongole.

Pali kapemphedwe kena kanthabwala kamene kamayenda ndi chiyamikiro pakati pa amayi ndi pakati pa achibale: "Chitenje chokongola ichi, mundisiyire pochoka." Kawirikawiri ndi njira yongokometsera chiyamikirocho, ndipo onse awiri amadziwa kuti chitenje sichichoka m'chiuno. Yankho lake ndi kuseka n'kunena kumene chinagulidwa. Koma pakati pa wa m'tauni ndi wa kumudzi nthabwalayi ikhoza kukhala ndi choonadi pang'ono, ndipo wa m'tauni amene amayamikira nkhuku, mbuzi kapena nandolo za kumudzi azikumbukira kuti mwini wake akhoza kuona kuti ndi udindo wake kupereka. Mlendo akayamikira tambala katatu, tambalayo sagona.

Ana ndi achinyamata

Makolo ambiri amaopa kuyamikira ana poganiza kuti ayamba matama, ndipo amakhala chete mwana akachita bwino, n'kuyankhula pokhapokha akalakwa. Mwana woleredwa motere ndi amene akakula amasowa chonena akayamikiridwa, chifukwa sanaonepo mmene zimachitikira. Funso lothandiza ndi lakuti mwanayo ayamikiridwe pa chiyani. Mu 1998 akatswiri awiri, Claudia Mueller ndi Carol Dweck, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo pa ana a sukulu za pulayimale ku America. Ana ena atakhoza ntchito anauzidwa kuti ndi anzeru, ena anauzidwa kuti alimbikira. Pambuyo pake onse anapatsidwa ntchito yovuta imene anailephera. Amene anauzidwa kuti ndi anzeru anafooka msanga ndipo ankasankha ntchito zosavuta kuti asaoneke opanda nzeru. Amene anayamikiridwa pa kulimbikira anapitiriza kuyesa.

Izi zikugwirizana ndi nkhani ya chimanga ija. "Ndiwe wanzeru" ali ngati "mwalemera": amamuika munthu pampando umene ayenera kuuteteza. "Ndaona kuti unadzuka m'mamawa sabata yonse kuwerenga masamu" ali ngati "munapalira pa nthawi yake": amatchula chimene munthu anachita ndipo angachitenso. Mwana wotumikira pa guwa amene wagwira bwino chofukizira lubani amapindula kwambiri akauzidwa chimenecho kuposa kuuzidwa kuti ndi mwana wabwino. Ndipo mwana akayamikiridwa ndi mlendo, kholo lisamuyankhire kuti "aa, ndi wopulupudza ameneyu." Limuuze kuti, "Thokoza."

Pa makanda pamafunika kusamala kwina. M'mabanja ena, makamaka kumudzi, mlendo wosadziwika bwino akachulutsa mawu pa kukongola kwa khanda, mayi ake amayamba kulifunditsa. Mawu onga "mukumusamala bwino mwanayu, akuoneka wathanzi" amalunjika kwa mayiyo ndi ntchito yake, ndipo amalandirika mosavuta.

Malire pakati pa amuna ndi akazi

Chiyamikiro cha mwamuna kwa mkazi amene si wake, kapena cha mkazi kwa mwamuna wa mwini, chimamveka mosiyana malinga ndi chinthu chimene chayamikiridwa ndi malo ake. Pa nkhani ya chimanga, kunena poduka mphepo kunali kwabwino kuposa kunena pagulu. Apa zimatembenuka. Bambo wa mu komiti ya tchalitchi akauza mlembi wamkazi pamsonkhano, anthu onse akumva, kuti malipoti a chuma wawalemba momveka, palibe amene angaganize zina. Mawu a maonekedwe, onenedwa pambali kapena otumizidwa pa foni usiku, ali ndi tanthauzo lina ngakhale wolembayo atanena kuti sanatanthauze kanthu. Zimavuta kwambiri pamene woyamikirayo ali ndi mphamvu pa woyamikiridwa, monga bwana kwa wantchito, mphunzitsi kwa wophunzira, kapena mkulu wa kwaya kwa mtsikana woimba, chifukwa wamng'onoyo alibe ufulu wosonyeza kuti sanakondwe.

Woyamikiridwa m'njira yosamukomera sakakamizidwa kumwetulira kapena kupitiriza nkhani. "Zikomo" wamfupi, wotsatidwa ndi kubwerera ku ntchito imene inalipo, ndi wokwanira ulendo woyamba. Zikabwerezedwa, ali ndi ufulu wonena mwachindunji kuti mawu otere sakuwafuna, ndipo ngati ndi mwana kapena wachinyamata, auze kholo kapena munthu wamkulu amene amamukhulupirira.